Jeleira ya eni nyumba yafa pakati pa Okutobala: kalata yake tilembe bwanji?

"Achimwene, ndimakhala ku Mowatize m'nyumba ya lendi yomwe ndinaipeza ndi katundu kale: sofa, bedi, chitofu ndi jeleira. Ndimalipira mametikali 12,000 pamwezi. Pa 14 Okutobala jeleira inasiya kuziziritsa. Nyali ya mkati ikuyaka, koma kumbuyo kumangomveka 'tiki' kenako zii. Eni nyumba ndi bambo achikulire, amakhala ku Ulongwe. Ndawaimbira kawiri, yankho ndi lakuti 'tiona, mwananga'. Amuna anga akuti tingokonzetsa n'kudula pa lendi. Ine ndikufuna kulemba kalata koma ndikuopa kuoneka wamwano. Ndilembe bwanji?"

Mayi, musanawerenge zambiri, pitani mukazule kaye pulagi ya jeleirayo pakhoma. Chifukwa chake ndinena posachedwa. Chachiwiri, auzeni amuna anu aleze mtima, lendi ya mwezi uno ipite yonse. Kalata yokha ndiye lembani, ndipo isagone.

Kwa anzathu a kutsidya kwa Zobwe ndi Dedza amene amawerenganso kuno: jeleira ndi furiji, ndi mmene timaitchulira kuno kwathu.

Ine sindikuganiza kuti "tiona" wa bambowa ndi nkhanza. Munthu wa ku Ulongwe amakhala pamtunda pozizira, pomwe ndiwo za madzulo zimatha kugona mumphika n'kudyedwa m'mawa. Sakumva m'thupi mwake kuti ku Mowatize mu Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40, kuti nyama ya mbuzi yogula m'mawa ikafika madzulo yayamba kale kununkha, ndi kuti madzi a m'chigubu amakhala ngati owiritsa. Kwa iwo jeleira ndi chinthu choti chingadikire malipiro a mwezi wa mawa. Foni ikangodulidwa nkhani yathera pomwepo. Pepala silitero. Limakhala pathebulo, lili ndi deti, ndipo limafunsa funso lomwelo tsiku lililonse.

Koma musanagwire cholembera, tulutsani kontirato yanu. Funso loyamba si lakuti jeleira yafa ndi chiyani, koma lakuti kodi jeleirayo ili m'gulu la zinthu zomwe mumalipirira. Nyumba yokhala ndi katundu imayenera kukhala ndi mndandanda wa katunduyo, kaya mkati mwa kontirato kaya pa pepala lapadera lomwe nonse munasaina. Ngati jeleira yalembedwapo, mwaima pouma. Ngati mndandanda palibe, fufuzani m'foni: zithunzi zomwe anakutumizirani potsatsa nyumba, uthenga wonena kuti nyumbayo ili ndi katundu, chithunzi chomwe munajambula tsiku losamuka jeleira ikuoneka pakona. Zimenezi zimathandiza. Povuta ndi pomwe eni nyumba anakuuzani pakamwa kuti "ija inasiyidwa ndi amene anatuluka, mutha kumagwiritsa ntchito". Imeneyo ndi yobwereka chabe, ndipo kalata yake imakhala yopempha, osati yokumbutsa udindo. Onaninso ngati kontirato ili ndi mawu onena za yemwe azikonzetsa zipangizo zamagetsi. Makontirato ambiri amene anthu amakoperana amati zokonza zing'onozing'ono ndi za wokhala m'nyumba. Ngati mawu amenewa alimo, awerengeni bwino, chifukwa zomwe munasainirana ndi zomwe zidzayambe kuonedwa.

Malamulo akuluakulu a kubwereketsa pa lendi kuno ku Mozambiki ali mu Kodigo Sivili, buku la malamulo la 1966 lomwe tikugwiritsabe ntchito. Sindikutopetsani nalo, koma ndime zingapo muzidziwe. Ndime 1031 imati mwini ayenera kupereka chinthucho ndi kuonetsetsa kuti wolipira lendi akutha kuchigwiritsa ntchito pa cholinga chake. Jeleira yosaziziritsa ndi kabati chabe, choncho apa muli ndi poimira. Ndime 1038 imatembenukira kwa inu: mukaona vuto pa chinthu cha mwini, muyenera kumudziwitsa mwamsanga. Ndiye kalata yomwe mukuopa kuti ndi mwano ndi udindo wanu, ndipo wolakwa angakhale amene wakhala chete.

Pali mbali ina yomwe anthu a lendi sakonda kuimva. Ndime 1043 imati ngati palibe pepala lofotokoza mmene chinthu chinalili pochilandira, lamulo limatenga kuti munachilandira chili bwino. Ndime 1044 imawonjezera kuti chikawonongeka m'manja mwanu, inu ndi amene muyankhe, pokhapokha ngati ndi kutha kobwera ndi kugwiritsa ntchito mosamala, kapena chifukwa chake sichikuchokera kwa inu ndi anthu a m'nyumba mwanu. Kunena mwachidule, bambowa akangoti "jeleira yanga inali nzima, mwaiwononga ndinu", ntchito yoonetsa kuti si choncho igwera inu. N'chifukwa chake ndikufuna tichedwe pang'ono pa jeleira yeniyeniyo, chifukwa mphamvu ya kalata yanu ili pa zomwe mwaona ndi maso ndi kumva ndi makutu.

"Tiki" mukumvayo ndi mawu odziwika. Kumbuyo, pansi, kuli chimphika chakuda chachitsulo, kompuresa, chomwe amisiri ambiri amangoti mota. M'mbali mwake muli kabokosi ka pulasitiki komwe muli tizipangizo tiwiri: rile, yomwe imakankha mota kuti idzuke, ndi kachitetezo komwe kamadula magetsi mota ikatentha kapena ikakoka mphamvu yambiri. Mota ikalephera kudzuka imang'ung'udza kwa masekondi ochepa, kachitetezo kaja kamadula, ndiye "tiki". Pakapita mphindi zingapo kazizira, kalumikizanso, mota iyesanso, "tiki" winanso. Nthawi zambiri wolakwa amakhala rile, kachipangizo kakang'ono kotsika mtengo komwe mmisiri amasintha osakhudza gasi. Nthawi zina ndi magetsi ofooka, ofika pansi kwambiri pa mavoti 220 omwe jeleira imayembekezera. Nthawi zina ndi mota yeniyeniyo yomwe yagwira mkati kapena yapsa, ndipo apo ndiye pali ndalama. Kunja zonse zitatuzi zimamveka chimodzimodzi, amasiyanitsa ndi mmisiri wokhala ndi mita. Koma mukaisiya pamagetsi masiku ambiri ikuyesa ndi kulephera usana ndi usiku, vuto la rile limatha kupsereza mota. N'chifukwa chake ndati muzule pulagi. Ndipo mukalemba m'kalata kuti munazula, mwatseka pakamwa pa aliyense wofuna kunena kuti munaisiya ikudzipha.

Zizindikiro zina n'zosiyana ndi zanuzi, koma ndizitchule chifukwa ena owerenga ali nazo. Mota ikamalira osapuma koma mkati muli mofunda, ndipo chisanu chagwira kachigawo kamodzi kokha ka mbale ya mufiriza, kawirikawiri gasi wathawa. Apa chenjerani ndi mawu akuti "gasi watha, tingothira wina". Gasi wa jeleira si wa chitofu, satha ndi kugwiritsa ntchito. Amazungulira m'mapaipi otsekedwa, ndipo akachepa ndiye kuti pali pobooka. Wothira osapeza pobookapo wakugulitsani kuzizira kwa masabata ochepa. Ngati mufiriza muli bwino koma pansi pokha ndi pofunda, pa majeleira osagwira chisanu aja vuto limakhala fani kapena chosungunulira chisanu chobisika kuseri kwa khoma la mkati. Mphira wa chitseko mumayesa nokha: tsekerani pepala pachitseko n'kulikoka. Likatuluka mosakaniza, mphirayo watha.

Tsopano dzifunseni moona mtima, muli nokha. Kodi wina m'nyumbamo anakumbapo chisanu ndi mpeni? Ndikufunsa chifukwa ine ndinachitapo. Ndinali m'nyumba ya lendi ku Chingodzi, firiza itadzaza chisanu mpaka kachitseko kosatsekeka. M'malo mozima n'kudikira, ndinatenga mpeni wa ndiwo. Kachitatu kubaya ndinamva "fyuuu", kamphepo kozizira kakundiwomba pa dzanja, ndipo pa mbale ya aluminiyamu panali kabowo kochepa ngati kambewu ka mapira. Mmisiri atabwera sanafunse n'komwe. Anangoloza ndi chala n'kundiyang'ana. Ndinalipira ndekha, ndipo zinali zoyenera. Bala la mpeni silibisika, choncho ngati ndi zomwe zinachitika, kalata yanu ikhale yovomera ndi yopempha kugawana kapena kulipira pang'onopang'ono. Chimodzimodzi ngati jeleira ya panyumba munaisandutsa ya bizinesi, yodzaza madzi ndi timajusi togulitsa, chitseko chikutsegulidwa kosalekeza: eni nyumba adzati si ntchito yomwe anakubwerekerani. Koma ngati zonsezi palibe, lembani ndi mtima woyera.

Musanalembe chitani kanthu kamodzi kena. Mkati mwa jeleira, m'mbali pafupi ndi kabokosi ka masamba, kapena kumbuyo, muli kachikwangwani kolembedwa mtundu, modelo ndi nambala yake. Jambulani. Jambulaninso mbale ya mufiriza kuonetsa kuti ilibe bala. Ngati simunatero kale, lumikizani kamodzi kokha, mujambule kavidiyo ka "tiki" uja, n'kuzulanso.

Nayi kalata yomwe ine ndingalembe nditakhala inu. Madeti ena ndangoyerekeza, muikemo enieni.

Mowatize, 22 Okutobala 2025

Kwa Bambo Uje, eni nyumba
Ulongwe

Nkhani: Jeleira ya m'nyumba ya lendi yasiya kugwira ntchito

Bambo,

Ndikukhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi amayi ndi onse kumeneko. Ife kuno tili bwino.

Ndine wokhala m'nyumba yanu ya ku Mowatize, bayiro lakuti, kuyambira pa 1 Malichi 2025. Ndikulemba za jeleira yomwe ndinaipeza m'nyumbamo, yolembedwa pa mndandanda wa katundu wa m'kontirato yathu. Mtundu ndi nambala yake zili pa chithunzi chomwe ndaphatikiza.

Pa 14 Okutobala m'mawa tinapeza kuti sikuziziritsa, mufiriza ndi pansi pomwe. Nyali ya mkati ikuyaka, koma mota ya kumbuyo ikumveka kuyesa kudzuka n'kuzima pakapita masekondi ochepa. Soketi tinaiyesa ndi chipangizo china ndipo ili bwino. Jeleirayi sitinaisunthe pomwe tinaipeza, sitinakumbemo chisanu ndi chitsulo, ndipo palibe amene waitsegula kumbuyo. Taizula pamagetsi kuti isawonongeke mopitirira.

Ndinakudziwitsani pafoni pa 14 ndi pa 18 Okutobala. Ndalemba kalatayi kuti nkhaniyi ikhalenso pa pepala, tonse tisaiwale zomwe tagwirizana.

Monga mukudziwa, kuno nyengo ino kukutentha kwambiri. Chakudya chomwe chinalimo tinataya, ndipo panopa tikugula ndiwo za tsiku limodzi limodzi.

Pempho langa ndi lakuti mutumize mmisiri wanu adzaione pasanafike pa 29 Okutobala. Madzulo aliwonse kuyambira 4 koloko pakhomo pamakhala munthu. Ngati kutalika kwa mtunda kukuvutitsani, ndiloleni ndiitane mmisiri wa konkuno. Adzalemba vuto ndi mtengo wake pa pepala, ndidzakutumizirani, ndipo sadzayamba ntchito musanavomere. Mukavomera, nditha kulipira ine n'kuchotsa ndalamazo pa lendi ya mwezi wotsatira, ndi lisiti lake, ngati mutandilembera kuti mwalola.

Mmisiri akapeza kuti singakonzeke, kapena kuti mtengo wokonzera ndi waukulu, ndikupempha kuti tikambirane zoikamo ina yofanana kukula kwake.

Lendi ndipitiriza kulipira pa nthawi yake monga mwa masiku onse. Yankho lanu mutha kunditumizira pa uthenga wa pafoni.

Zikomo kwambiri, Bambo.

Ine mwana wanu,
dzina, siginecha ndi nambala ya foni

Mwaona kuti mulibe ndime ya lamulo ngakhale imodzi. Ndachita dala. Bambo wachikulire amene amakutchulani kuti mwananga mukamuponyera "ndime 1031" m'kalata yoyamba, adzamva kuti mwamutengera kukhoti, ndipo mudzapambana mtsutso n'kuluza nyumba kontirato ikatha. Malamulo asungeni m'thumba. Kalatayi ikuchita kale zomwe lamulo likufuna popanda kulitchula.

Mulibenso mawu akuti "rile yafa", ngakhale ine ndikuganiza kuti mwina ndi imeneyo. Inu si mmisiri. Mukalemba kuti ndi rile kenako n'kupezeka kuti ndi mota, bambowa adzati munanena kuti ndi kanthu kakang'ono, nanga mtengo wakwera bwanji? Mukalemba kuti mota yapsa, adzafunsa kuti mwadziwa bwanji ngati simunaitsegule. Lembani zomwe mwaona basi, dzina la matenda alitchule ndi sing'anga.

Mtima wa kalatayi ndi deti la pa 29. Kunena kuti "mwamsanga" kapena "mukapeza mpata" n'kuwabwezera "tiona" wawo yemwe. Pa lamulo, munthu amene ali ndi udindo wopanda tsiku loikika amayamba kuwerengedwa kuti wachedwa pamene wauzidwa kuti achite, ndipo ndi zomwe ndime 805 ya buku lomwe lija imanena. Foni ndi kuuza ndithu, koma mudzaonetsa bwanji zomwe munalankhula? Sabata imodzi ndi yokwanira kuti mmisiri aone jeleira. Masiku awiri angaoneke ngati chipongwe kwa munthu wokhala kutali, mwezi ndi kudzizunza nokha.

Ndime yopereka njira yachiwiri ija musaichotse. Eni nyumba ambiri okhala kutali sakana ndalama, chomwe chimawalemera ndi kuganiza zokwera shapa kuchoka ku Angoniya kudzafuna mmisiri m'tauni yomwe sakudziwamo aliyense. Amaopanso kuberedwa, kuti wa lendi ndi mmisiri agwirizana mtengo. Mukawauza kuti pepala la mtengo aliona kaye ntchito isanayambe, mwachotsa mantha onse awiri. Apanso ndi pomwe maganizo a amuna anu alowera pakhomo loyenera: kudula pa lendi kulipo, koma ndi chilolezo cholembedwa. Uthenga wa pa WhatsApp wakuti "ndavomera, chotsani" ndi wokwanira, bola muusunge ndi kuujambula.

Za chakudya chowonongeka ndangozitchula, sindinapemphe kubwezeredwa. Ena adzatsutsa, koma ine ndimaona kuti kulipiritsa nkhuku ziwiri ndi pende m'kalata yoyamba kumasocheretsa nkhani. Mudzayamba kukangana za mtengo wa nkhuku jeleira ili chigonere.

Katumizidwe kake. Lembani makope awiri. Ngati pali mphwawo kapena munthu wina amene amayang'anira nyumbayo ndi kutolera lendi, m'patseni imodzi, ndipo pa yanuyo alembe kuti walandira, deti ndi siginecha. Tsiku lomwelo jambulani kalatayo muitumize pa WhatsApp ya bambowo pamodzi ndi zithunzi ndi kavidiyo kaja. Kenako imbani, musadikire kuti adzidzimuke nayo. "Bambo, ndakutumizirani kakalata ka nkhani ya jeleira ija, kuti mukhale ndi zonse pamalo amodzi." Mawu amenewa ndi amene amachotsa mwano womwe mukuuopa. Chilankhulo lembani chomwe mumalankhulana, bambo a ku Ulongwe Chichewa adzachimva mpaka mumtima. Koma ngati kontirato yanu ili m'Chipwitikizi, ndipo ambiri ali choncho, lembaninso kope ya Chipwitikizi yonena zomwezo, chifukwa nkhani ikafika ku maofesi ndi imeneyo idzawerengedwe.

Mmisiri akabwera, musalole kuti angonena pakamwa. Alembe deti, chomwe wapeza, chomwe akuganiza kuti chachititsa, mtengo wa chipangizo payokha ndi wa ntchito payokha, dzina ndi nambala yake. Mzere umodzi wakuti "mota yatha ndi ukalamba, palibe bala pa mapaipi" ndi umene umayankha ndime 1044 ija. Chipangizo chakale chomwe wachotsa musataye, chiikeni m'kapepala, ndi cha eni nyumba. Ndalama yoyendera mmisiri mugwirizanenso kuti alipira ndani. Ine ndimalipira ndekha ikakhala yochepa, kuti zinthu ziyende.

Akati ndi rile, nkhani yatha tsiku lomwelo. Akati ndi mota, m'pamene funso lokonza kapena kugula ina limabwera. Kusintha mota si kumasula ndi kumanga chabe: amadula mapaipi, kuwotcherera mota ina, kusintha kasefa, kupopa mpweya wonse kutuluka, n'kuthira gasi wa mtundu ndi muyeso wolembedwa pa kachikwangwani kaja. Majeleira akale ambiri ali ndi R134a, atsopano ambiri R600a, womwe umayaka moto, ndipo awiriwa sasinthanitsidwa. Pa jeleira yokalamba, ya dzimbiri pansi ndi mphira wotha, ine ndimati mtengo wokonza ukafika theka la mtengo wa yatsopano, kukonzako n'kutaya ndalama. Ngati pobooka pali mkati mwa khoma la jeleira momwe mmisiri sangafike, musavutike n'kuwerengera komwe. Koma kumbukirani kuti chosankha ndi cha mwini. Inu chomwe mungaumirire ndi jeleira yogwira ntchito yofanana ndi yomwe munaipeza, osati yatsopano ya m'katoni. Akabweretsa yogwiritsidwapo kale koma yoziziritsa bwino, akwaniritsa mbali yawo.

Zikafika pogula, nthawi zambiri eni nyumba amati alibe ndalama zonse pakamodzi, n'kupempha wa lendi kuti agule azichotsa. Njirayi ndi yabwino, koma ndi imene imabala milandu yambiri pa tsiku lotuluka, aliyense akuti jeleira ndi yake. Tiyerekeze kuti yomwe mwagwirizana ndi ya mametikali 24,000. Kuchotsa lendi yonse miyezi iwiri kungawasiye bambowa opanda kanthu, mwina ndi ndalama yomwe amagulira feteleza nyengo ino. Mutha kugwirizana kuchotsa 4,000 pamwezi kwa miyezi 6, inu n'kumalipira 8,000. Lembani pa pepala limodzi: mtengo, miyezi yake kuitchula mayina kuyambira Disembala mpaka Meyi, kuti jeleirayo ndi ya nyumba, ndi kuti mukatuluka miyeziyo isanathe, yotsalayo adzakubwezerani kapena mudzatenga jeleira n'kuwabwezera zomwe munachotsa kale. Onaninso kuti kontirato yanu ifika Meyiyo. Ngati inali ya chaka chimodzi kuyambira Malichi, itha mu Febuluwale mutachotsa 12,000 yokha, theka lina likadali kwa iwo. Lisiti ndi pepala la galanti likhale m'dzina la amene adzakhale mwini. Njira ina ndi kugula yanuyanu, iwo n'kudzachotsa yakufayo, kuifufuta pa mndandanda, ndi kutsitsako lendi pang'ono popeza katundu wachepa. Ndime 1040 imalola kuti lendi itsike wolipira akamanidwa mbali ya zomwe amalipirira pa chifukwa chosachokera kwa iye, koma kuchuluka kwake mukambirane.

Pogula, yang'anani chilembo chimodzi pa kachikwangwani kapena pa katoni, pomwe alemba gulu la nyengo. N imatanthauza kuti jeleirayo inapangidwira malo otentha mpaka madigiri 32, ST mpaka 38, ndipo T mpaka 43. Ku Ulongwe kapena ku Tsangano izi sizivuta. M'khitchini ya malata ku Mowatize kapena ku Matundo, jeleira ya N imalira osapuma mpaka kufa msanga. Funani yokhala ndi T. Muiike motalikirako ndi khoma, mpata wolowa chikhatho, kutali ndi chitofu ndi dzuwa la pawindo. Pemphaninso kuti pa mtengowo awonjezere kachitetezo ka pa soketi komwe kamachedwetsa jeleira kuyaka kwa mphindi zingapo magetsi akangobwerera, chifukwa mota ikadzutsidwa itangozima kumene imalimbana ndi gasi wopanikizika, ndipo ndi pomwe rile zambiri zimavulalira.

Nanga pa 29 pakadutsa kuli zii? Lembani yachiwiri, yaifupi. Tchulani deti la yoyamba, phatikizani pepala la mtengo la mmisiri, perekani masiku ena asanu, ndipo tsopano lamulo litha kutuluka m'thumba. Ndime 1036 imati mwini akachedwa kukonza chinthu chofunika mwachangu, choti sichingadikire kuchedwa kwa khoti, wolipira lendi atha kukonzetsa yekha ndipo ali ndi ufulu wobwezeredwa ndalama zake. Nenani mwaulemu kuti mukonzetsa pa tsiku lakuti, pa mtengo wakuti, ndipo mudzatumiza lisiti.

Apa ndi pamene amuna anu adzati, "Si zomwe ndinkanena zija?" Ayi, n'zosiyana. Ufulu wobwezeredwa sukutanthauza kuti mutha kungotumiza lendi yoperewera mwakachetechete. Bambowa akatsutsa kuti sinali nkhani yachangu, kapena kuti mtengo unakwezedwa, kapena kuti munawononga ndinu, chomwe chidzaonekere poyera pa mauthenga a M-Pesa ndi chakuti mwezi wakuti munalipira 9,000 m'malo mwa 12,000. Kusalipira lendi ndi chifukwa chomwe mwini angathetsere kontirato, ndipo mlandu wa jeleira udzasanduka mlandu wa nyumba. Lipirani yonse, ngongole yawo muilondole payokha. Yambani ndi munthu yemwe bambowa amamumvera, kaya amene anakulumikizani. Zikakanika pitani kwa sekeretale wa bayiro ndi makalata anu awiri, kenako ku khoti la m'dera lomwe ntchito yake ndi kuyanjanitsa anthu pa nkhani zing'onozing'ono ngati zimenezi. Ofuna uphungu wa malamulo koma alibe ndalama ya loya amathandizidwa ku IPAJ, bungwe la boma. Mukapita kumeneko tengani kontirato, chifukwa nyumba za lendi zilinso ndi lamulo lakelake la 1961, ndipo iwo ndi amene angaone mmene zonsezi zikukhudzira pepala lanulo.

Pakadali pano jeleirayo isachoke pamalo pake, ndipo musaipereke kwa mmisiri kuti akaikonzere kwake mwini asanalole. Tulutsani zonse, tsukani mkati ndi madzi a soda, pukutani, ndipo chitseko muchisiye chotsegula pang'ono ndi kansalu kopindika. Jeleira yozima yotsekedwa m'kutentha kwa ku Mowatize imamera nkhungu yakuda m'mphira pasanathe sabata, ndipo fungo lake likalowa m'pulasitiki, imeneyo idzalembedwa pa dzina lanu tsiku lobweza makiyi.